Mkazi Wanga ndi/kapena Mlongo Wanga

Zinayamba ndi kachilonda ka pa chala cha phazi, kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo mwini wake ankakaseka. A Sipanala anali makaniko, munthu wa shuga wa zaka zambiri, moti kachitsulo kamene kanawabaya m'galaja sanakamve n'komwe. Anangoona magazi m'sokosi atafika kunyumba. Mkazi wawo, amene makasitomala anamupatsa dzina loti Nasaluni chifukwa cha kasaluni kake ka m'mbali mwa msewu, anawauza kuti akaonetse kuchipatala.

"Mawa, mayi," anatero iwo.

A Sipanala anali munthu wosadziwa kukana. Munthu akakoka galimoto yoti inafa kalekale, iwo ankaisisita pabonati n'kumuuza kuti ilira. Mkazi wawo akanena chinthu ankavomera, achemwali awo akanena china chosiyana ankavomeranso, ndipo aliyense ankachoka ali wokhutira. Mawa lawolo linadya milungu. Tsiku limene anawanyamula kupita nawo kuchipatala, zala ziwiri zinali zitada bii, thupi likutentha ngati injini yopanda madzi, iwo akubwebweta za giyabokosi ya munthu wina amene anamwalira kale.

Anawagoneka pa bedi la pafupi ndi windo. Nasaluni anakhala pa mpando wa pulasitiki, chikwama pamiyendo, n'kumayang'ana madzi a diripi akudontha. Ankadikira kuti mantha abwere koma sanabwere. M'mutu mwake munkangozungulira zoti wasiya dilaya yoyaka ku saluni, ngakhale ankadziwa bwinobwino kuti anaizimitsa.

Dokotala anali bambo wamtali, wolankhula motsitsa. Anavundukula phazi, analidina apa ndi apo, kenako anawerama n'kufunsa wodwalayo kuti ali kuti.

"Pansi pa lole," anayankha a Sipanala. "Ndipatsireni sipanala ya naintini."

Dokotalayo anaitanira Nasaluni kuseri kwa nsalu yotchinga bedi. "Mayi, zalazi zafa, ndipo kuwola kukukwera. Tikadula lero tichotsa zala ndi kutsogolo kwa phazi. Chidendene chitsala, adzayenda. Koma paokha sangavomereze opaleshoni, mwawamva mmene akuyankhira. Alipo amene anamusiyira mphamvu yowasankhira?"

Analipo, ndipo pepala lake linali m'chikwama. Chaka chapitacho a Sipanala anakomoka m'galaja shuga atatsika, ndipo atachira, kasitomala wawo wina, loya, anawalangiza kuti alembe chikalata chosonyeza amene adzawayankhulire akadzalephera kudziyankhulira. Loyayo analemba yekha pepalalo, analiwerenga mokweza pa tebulo la kunyumba, Nasaluni anamva mawu oti "mkazi wanga" n'kupita kukathira tiyi. Tsopano analitulutsa, dokotala analiyang'ana mothamanga, ndipo nesi anabweretsa fomu. Nasaluni anasaina.

Inki isanaume, anatulukira Ahedi.

Ahedi anali mlongo wa a Sipanala, wamkulu, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, ndipo dzina la udindolo linawakanirira mpaka pamaliro ndi paukwati. Makolo atamwalira ndi iwo analera mlongo wawoyo. Anafika ndi fumbi la ulendo kumapazi ndi envulopu m'manja. Anamva nkhani ya kudula ali chiimire, anavala magalasi, anatulutsa kope lawo la chikalata chomwecho.

"Palibe kudula," anatero. "Werengani apa, adokotala. Inenso ndilimo."

Dokotala anawerenga, ulendo uno pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Kenako anapinda fomu imene Nasaluni anasaina n'kuiika m'thumba la gauni lake.

"Alamu," anatero Nasaluni, "phazi lawola."

"Bambo athu anawadula mwendo m'chipatala ngati chomwechi, mwezi sunathe tinaika. Uyu anaona ndi maso ake. Anandigwira dzanja n'kundiuza kuti, achemwali, ine musadzalole. Mankhwala apatsidwe mpata."

"Ine anandiuza kuti ndidzachite chilichonse chimene madokotala anena."

"Inu mwamupeza ndi ndevu kale, mlamu. Ine ndinamubereka kumsana."

Nasaluni ankadziwa kuti Ahedi sakunama. Ankadziwanso kuti iye sakunama.

Anawatengera ku ofesi ya loya wa chipatala, kachipinda ka pansanjika yapamwamba kodzaza mafaelo mpaka pawindo. Loyayo anali mayi wa msinkhu wapakati, ndipo Nasaluni atangokhala pansi anaona kuti mameshi ake akalamba, tsitsi latsopano latuluka m'munsi ngati udzu. Anayang'ana tsitsilo nthawi yonse imene mayiyo ankalankhula.

Mayiyo anayala chikalata pa desiki n'kuwerenga chiganizo chimodzi: "Ndikadzalephera kudzisankhira ndekha, za chithandizo changa adzasankhe mkazi wanga ndi/kapena mlongo wanga." Pakati pa "ndi" ndi "kapena" panali kamzere kopendama.

"Taonani," anatero. Anaphimba "kapena" ndi chala. "Tikawerenga chonchi, akuti mkazi wanga ndi mlongo wanga. Ndiye kuti muyenera kugwirizana nonse awiri. Simunagwirizane, choncho chilolezo palibe." Anasuntha chalacho n'kuphimba "ndi". "Tikawerenga chonchi, akuti mkazi wanga kapena mlongo wanga. Mmodzi akukwanira. Inu mayi mwavomera, ndipo kuvomera kwanu n'kokwanira. Koma awanso akana, ndipo kukana kwawo n'kokwaniranso."

"Ndiye tiwerenge liti?" anafunsa Ahedi.

"Pepalali silikunena. Laika mawu onse awiri n'kusiyira wowerenga kuti atole limene akufuna. Ine ndikatola limodzi, ndiye kuti mwendo wa bambowa ndausankhira ine, munthu amene sakundidziwa n'komwe."

Nasaluni anaimbira foni loya amene analemba chikalatacho, n'kuika foniyo pa desiki kuti onse amve. Bamboyo anali m'galimoto, mahutala ankamveka. Anati palibe chovuta apa, aliyense wa zamalamulo amadziwa kuti mawuwo amatanthauza uyu, kapena uyo, kapena onse awiri.

"Tivomereze kuti ndi choncho," anatero loya wa chipatala. "Uyu wati inde, uyo wati ayi. Dokotala wanga amvere uti?"

Bamboyo anati akonza zopita kukhoti mwachangu kuti woweruza agamule, koma pafunika dokotala alembe umboni wolumbira, ndipo mawa lake makhoti satsegula.

"Njira ndi zimenezo," mayiyo anauza akazi awiriwo. "Mugwirizane, kapena khoti linene, kapena bambowa atsitsimuke anene okha. Zikafika poti moyo ukuchoka, pamenepo ndi nkhani ina, dokotala adzakuuzani."

Potsika masitepe Ahedi anagwira chitsulo cha m'mbali chifukwa cha mawondo. Nasaluni anawanyamulira chikwama.

Dokotala anawonjezera mankhwala m'diripi. Anatenga cholembera n'kujambula mzere pakhungu, pamene kufiira kunalekezera, pamwamba pang'ono pa kakolo, kuti aziona ngati kukukwera. Akazi awiriwo anagawana ntchito osakambirana. Wina akamapukuta thukuta, wina ankakatunga madzi. Wina akamawodzera, wina ankayang'anira diripi kuti ikatha aitane nesi. Wodikirira wodwala wa bedi loyandikana anawafunsa ngati ali pachibale cha bere limodzi, poti ankagwirizana kwambiri. Ahedi anati, "Ayi, ndi mlamu wanga," n'kupitiriza kufinya kansalu.

M'mawa kufiira kunali kutadumpha mzere uja. Dokotala anajambula wina pakatumba. Anafotokozera Ahedi kachiwiri, mofatsa, kuti nthawi ya bambo awo ndi ino n'zosiyana, ndiponso kuti chimene chimapha si mpeni koma kuchedwa. Ahedi anamvetsera mpaka kumapeto, monga munthu wozolowera kumvetsera makolo a ana, n'kunena kuti, "Ndamva. Koma ndinalonjeza."

Nasaluni anaganiza zogwada. Anaganiza zokuwa mpaka wodi yonse imve, kapena kukhadzula envulopu ija. Anaziona zonsezi m'mutu ngati akuonera munthu wina, thupi lake lili phee pa mpando. Anadya buledi amene wina anamupatsa osamva kukoma. Makasitomala ankaimba foni kufunsa ngati atsegula, iye n'kumawayankha bwinobwino, ngakhale kuwauza kumene angakapeze wina wowaluka.

Loya wa a Sipanala uja anatumiza uthenga woti mapepala a kukhoti akonzeka, angodikira tsiku la ntchito. Tsikulo lisanafike, chakumasana, a Sipanala anasiya kubwebweta. Chikwama cha mkodzo chimene chinali kulendewera m'mbali mwa bedi chinali pafupifupi chopanda kanthu. Nesi anayeza kuthamanga kwa magazi, anayezanso, kenako anatuluka mofulumira. Dokotala anabwera n'kuvundukula mwendo wonse pamaso pa akazi awiriwo, osabisa. Fungo linadzaza kuseri kwa nsaluko.

"Impso zayamba kutopa," anatero. "Za phazi zija zinatha. Tsopano ndi pamwamba pa bondo, ndipo ndi lero. Tikapanda kutero, mawa mukhala mukukambirana za bokosi."

Ahedi anayang'ana mwendowo nthawi yaitali. Anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi, anawavalanso.

"Bweretsani fomuyo," anatero.

Inabwera fomu yatsopano, ndipo Ahedi anasaina m'munsi mwa dzina la Nasaluni, ndi zilembo zoongoka za pa bolodi.

Opaleshoni inatenga masana onse. Anakhala pa benchi la pakhonde moyang'anana ndi chitseko. Munthu wokolopa anawapempha kuti akweze miyendo, anakweza, anadutsa, anatsitsa. Dokotala atatuluka n'kunena kuti zayenda bwino, Ahedi analira mokweza, mapewa akugwedezeka. Nasaluni anawapatsa mpango. Iye anafunsa dokotala kuti mwendo wodulidwawo amapita nawo kuti, ndipo atauzidwa anagwedeza mutu ngati wauzidwa mtengo wa sopo.

A Sipanala anatsitsimuka pang'onopang'ono. Kutentha kunatsika, maso anayamba kuzindikira anthu. Tsiku limene anamvetsa zimene zachitika, anakweza bulangete, anasuzumira, analibwezeretsa.

"Chala chikuyabwa," anatero. "Cha uko kulibeko."

"Akuti zimatero," anayankha Nasaluni.

"Nanga nsapato amagulitsa imodzi?"

Wa bedi loyandikana anaseka mpaka kutsokomola. Nasaluni anakonza pilo. Nkhani ya masiku amene anatayika sanawauze ndi iye, amene anawauza ndi Ahedi eni ake, yonse, osadzichotsera kanthu. A Sipanala anamvetsera akuyang'ana kudenga, n'kungoti, "Munachita bwino nonse." Nasaluni anatuluka kukatsuka makapu amene anali otsukatsuka kale.

Dokotala anawachenjeza kuti phazi lotsalalo nalonso magazi sakuyenda bwino, lifunika kulisamala ngati dzira. Loya wa chipatala anatumiza mawu oti chikalata chija chisadzabwerenso m'chipatalamo chili momwemo. Choncho tsiku lina m'mawa, dokotala atalemba kuti wodwalayo mutu wake uli bwino ndipo angathe kusaina zinthu, loya wa a Sipanala anabwera ndi laputopu. Anali bambo wonenepa, wa thukuta pamphuno. Anapereka moni, anafunsa za bala, anakoka mpando. Nasaluni ankaganiza kuti apepesa. Sanapepese, ndipo iye anapeza kuti alibe nazo ntchito.

"Bwana Sipanala, tikonze pepala lija. Mawu ajawa alimo malo anayi. Ndikuwerengerani amodziamodzi. Cholinga si kusintha zimene munafuna, koma kuzilemba moti wina asadzawerenge mwina. Ndiye pena paliponse ndikufunsani kuti munkatanthauza chiyani."

"Funsani, bwana. Ndilibe kothawira."

"Poyamba. Chikalatachi chigwire ntchito ngati ndakomoka ndi/kapena ndili maso koma mutu wasokonezeka." Loyayo anakanda pamphuno. "Apa 'ndi' alibe ntchito. Munthu sangakomoke n'kukhalanso maso nthawi imodzi. Tingosiya 'kapena' yekha. Palibe chatayika."

"Chotsani."

"Kachiwiri. Wondisankhira akhoza kuona mafaelo anga a chipatala ndi/kapena kulankhula ndi madokotala. Munkafuna chiyani?"

"Achite chimene akufuna. Kaya kuwerenga, kaya kufunsa."

"Kaya zonse?"

"Kaya zonse."

"Ndiye tilembe chomwecho: akhoza kuona mafaelo, kapena kulankhula ndi madokotala, kapena kuchita zonse ziwiri. Tikasiya 'kapena' yekha, kalaliki wina wouma mutu adzati mwaona kale faelo, dokotala simulankhula naye. Tikasiya 'ndi' yekha, wina adzati ziyenera kuyendera limodzi. Mawu owonjezera ndi ochepa, koma atseka makomo onse awiri."

Ahedi, amene anakhala kumiyendo kwa bedi akusenda lalanje, anagwedeza mutu ngati mwana wayankha bwino m'kalasi.

"Kachitatu. Pamene ndikudwala asagulitse galaja, zida ndi/kapena galimoto yanga. Apa ndi poletsa, ndiye mpofunika kusamala kwambiri. Tikati asagulitse galaja, zida ndi galimoto, wochenjera adzagulitsa zida zokha n'kunena kuti choletsedwa n'kugulitsa zitatu zonse pamodzi."

"Zida zanga asakhudze munthu," anatero a Sipanala, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu awo anamveka ngati akale. "Ngakhale jeke."

"Ndiye tilemba kuti asagulitse chilichonse mwa izi, n'kuzitchula chimodzichimodzi: galaja, zida, galimoto."

Zala za loyayo zinagogoda pa laputopu. Kenako anaima, anapukuta thukuta.

"Kachinayi ndi paja. Munkatanthauza chiyani ponena kuti mkazi wanga ndi/kapena mlongo wanga?"

A Sipanala anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana achemwali awo, anayang'ana diripi. "Amene ali pafupi. Achemwali amakhala kutali, mayiwa nthawi zina foni samva chifukwa cha madilaya. Ndinkati aliyense amene wapezeka. Akapezeka onse, onse."

"Ndiye kulemba kwake kosasintha tanthauzo ndi uku: adzasankhe mkazi wanga, kapena mlongo wanga, kapena onse awiri."

Anawerenga mokweza, ndipo mawuwo atayalidwa chonchi, dzenje lake linaonekera kwa aliyense. Ahedi ndi amene analiloza.

"Nanga onse awiriwo akasiyana?"

"Ndi pamenepo," anatero loyayo. "Kamzere kaja kanabisa funso limenelo. Ndikhoza kukachotsa n'kulemba zomveka, ndipo ndachita, koma yankho la funsoli mulibe m'pepala lakale, ndiye sindingalitulutsemo. Chimenecho si kukonza, n'chinthu chatsopano, ndipo wonena ndi mwini wake yekha. Bwana, simunaganize kuti angasiyane?"

"Awiriwa?" A Sipanala anaseka pang'ono, bala linawakoka, anasiya. "Sanagwirizanepo ngakhale za mchere."

Loyayo anapempha akaziwo kuti atuluke. Anati munthu ayenera kuyankha funso lotere popanda maso a amene akuwatchula, kuti mawa wina asadzati anakakamizidwa.

Anakakhala pa benchi la pakhonde. Ahedi anali adakagwira lalanje lija. Analigawa pakati n'kupatsa mlamu wawo theka.

"Akasankha inu sindidandaula," anatero patapita nthawi. "Ndinadya phazi la mwana wa mayi anga."

Nasaluni anadziwa kuti apa mpamene munthu amati ayi alamu, musatero, munkachita zimene anakuuzani. Mawuwo anali okonzeka pakamwa, ndipo anali oona. Koma kuwatulutsa kunali ngati kunyamula ndowa yodzaza, ndipo mphamvu zake zinali zitathera kwina. Anadya lalanjelo, njere analavulira m'dzanja, n'kuzigwira chifukwa panalibe pozitaya.

Anawaitana patapita nthawi yaitali kuposa mmene ankayembekezera. A Sipanala anali atatembenukira kukhoma. Loyayo anawerenga chili chonse kuyambira pamwamba: kuti chikalata chakale chathetsedwa, kenako malo atatu aja monga anawakonzera, kenako anafika pachinayi.

"Ndikadzalephera kudzisankhira ndekha, za chithandizo changa adzasankhe mkazi wanga yekha. Mpata ukakhalapo amve maganizo a mlongo wanga, koma mawu omaliza ndi a mkazi wanga. Ngati mkazi wanga wamwalira, sakupezeka, kapena sangathe kusankha, adzasankhe mlongo wanga yekha."

Ahedi anati, "Zamveka."

"Pali china chimene awonjezera okha," anatero loyayo. "Ndawafunsa kawiri, ndaitananso dokotala kuti awafotokozere zotsatira zake. Akuti chilembedwe." Anatsitsa maso pa laputopu. "Mwendo wanga wotsalawu usadzadulidwe, ngakhale madokotala atanena kuti popanda kutero ndifa. Wondisankhira atsatire zimenezi."

Mu wodi munkamveka wailesi ya munthu wina ndi mawilo a trole ya mankhwala. Ahedi anaphimba pakamwa ndi dzanja. Nasaluni anayang'ana msana wa amuna ake, gauni la chipatala lomangidwa ndi tizingwe, mafupa a m'khosi amene kale sankaoneka. Zaka zonsezi anali asanamvepo bambowa akunena kuti ayi pa chinthu chilichonse.

"Mwamva, mayi?" anafunsa loyayo. "Mukuvomera udindowu? Mukhoza kukana, ndipo nthawi iliyonse bambowa ali bwino mutu akhoza kusintha."

"Ndamva."

"Mukuvomera?"

"Ee."

Loyayo anapita kukasindikiza pepalalo ku ofesi ina n'kubwera ndi mboni ziwiri zosakhala za m'banjamo. A Sipanala anasainira pa thireyi ya chakudya. Kope limodzi linalowa m'faelo ya chipatala, lina m'chikwama cha Nasaluni, lina mu envulopu ya Ahedi. Lakale lija loyayo anatenga makope onse, analemba mzere waukulu pa lililonse, n'kuwaika m'chikwama chake. Potsanzika anauza a Sipanala kuti galimoto yake yayambanso kugogoda kutsogolo, ndipo iwo anamuuza kuti akaonetse mabushi.

A Sipanala anawatulutsa m'chipatala sabata yotsatira. Ahedi anatsala masiku angapo kuti athandize, ndipo ndi iwo anakapeza njinga ya olumala yobwereka. Njingayo inakana kulowa m'buti ya takisi. Dalaivala anaitembenuza uku ndi uku, kenako anaisiya itatulukira theka n'kumanga chitseko cha buti ndi chingwe. Ahedi anakhala kutsogolo ndi mapepala a mankhwala. Nasaluni anakhala kumbuyo, atagwirizira pilo pansi pa chitsa cha mwendo kuti mabampu asachigwedeze.

Anadutsa pamsika, pa sitolo ya matayala, pa sukulu ina ana akutuluka. Dzuwa linkawomba mbali ya a Sipanala ndipo iwo anatsinzina. Patapita kanthawi analankhula motsitsa, kuti akutsogolo asamve.

"Mwakwiya nane, mayi?"

Nasaluni anafunafuna mumtima mwake moona mtima, monga munthu amafunira kiyi m'chikwama. Sanapezemo mkwiyo. Sanapezemonso china.

"Kaya," anatero. "Mundifunse tsiku lina."

Anaweramira kutsogolo n'kugwira dalaivala paphewa. "Achimwene, muime pa famase apo. Mabandeji atipatsa ochepa."